Andikana viza yophunzirira ku Britain: kalatayi ikutanthauza chiyani?

Kalata yabwera pa imelo, masamba atatu a Chingerezi chokhachokha. Ndiyambire pati?

Musayambire pamwamba. Tsamba loyamba limangokuuzani zomwe mwadziwa kale, kuti pempho lanu lakanidwa. Funafunani gawo lomwe wogamula akufotokoza zifukwa zake, ndipo pamenepo mupeza chiganizo choyamba ndi mawu akuti "I am not satisfied". Akunena kuti mapepala omwe munapereka sanamukhutiritse pa mfundo inayake. Sakunena kuti ndinu wabodza. Ambiri akaona mawuwa mtima umaphulika ndipo amasiya kuwerenga, chikhalirecho zomwe zikutsatira ndiye zofunika.

Tengani cholembera ndipo muzunguze zilembo ndi manambala ali kumapeto kwa ziganizozo. Ndime zoyamba ndi ST zikuchokera m'malamulo a viza ya ophunzira, za SW n'za viza ya ogwira ntchito, za FIN n'za ndalama. Ndime iliyonse ndi chifukwa chimodzi, ndipo mukailemba pa gov.uk muwerenga nokha lamulo lomwe akuti simunalikwaniritse. Kenako onani tsiku la kalatayo ndi tsiku lomwe mwailandira, mulilembe penapake, chifukwa masiku odandaulira ayamba kale kutha.

Akuti ndalama sizinakwane, koma mu akaunti munali ndalama zambiri. Zatheka bwanji?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndipo zimandipweteka chifukwa nthawi zambiri ndalamazo zimakhala zilipodi. Lamulo silifunsa ngati banja lanu lili ndi chuma. Limafunsa ngati ndalama zofunikazo zinakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi, komanso ngati tsiku lomaliza pa sitetimentiyo silinapitirire masiku 31 pofika tsiku lomwe munapereka pempho.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene wapeza malo a digiri yachiwiri pa yunivesite ina kunja kwa London. Fizi ya chaka ndi mapaundi 16,000, ndipo walipirako kale 4,000, zomwe zalembedwa pa CAS yake, nambala ija yomwe sukulu imapereka potsimikiza kuti yakulandirani. Yatsala fizi ya 12,000. Kuwonjezera apo ayenera kuonetsa ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Kuyambira mu Novembala 2025 ndalamazi ndi mapaundi 1,171 pa mwezi kunja kwa London ndi 1,529 mu London, ndipo zimakwera nthawi ndi nthawi, choncho muzionanso pa gov.uk musanapemphe. Kwa mtsikanayu miyezi 9 ikupereka 10,539. Zonse pamodzi ndi mapaundi 22,539.

Mayi ake anaika mu akaunti makwacha okwana mapaundi 23,000. Tsiku la 19, sukulu ya mng'ono wake inaitanitsa fizi, mayiwo anatapamo ndalama zokwana mapaundi 1,100, n'kuzibwezeramo patapita masiku awiri atagulitsa soya. Pa tsiku lopereka pempho akauntiyo inali yodzaza. Koma wogamula sayang'ana mzere wotsiriza wa sitetimenti. Amatsika ndi chala mzere ndi mzere kufuna tsiku lomwe ndalama zinali zochepetsetsa, ndipo apa anapeza 21,900. Zaperewera ndi mapaundi 639 kwa masiku awiri okha, viza yakanidwa. Kalata yotere nthawi zambiri imatchula ndalama zomwe zimafunika, tsiku lomwe zinatsika ndi zomwe zinatsala, choncho ikani kalatayo pambali pa sitetimenti yanu muwerengetsere nokha.

Palinso nkhani ya kwacha. Ndalama zakwathu amazisintha kukhala mapaundi pogwiritsa ntchito mtengo wa pa oanda.com wa tsiku lomwe mwapereka pempho, osati wa tsiku lomwe munaziika ku banki. Amene akukumbukira Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, akudziwa kuti ndalama zokwana dzulo zikhoza kukhala zosakwana lero popanda munthu kuzikhudza. Musamaike ndalama zongokwana ndendende.

Amalume ndi amene akundilipirira. Akaunti yawo aikaniranji?

Kwathu amalume ndi mwini mbumba, ndipo kulipirira mwana wa mlongo wawo sukulu n'chinthu chomveka kwa aliyense. Malamulo a ku Britain sadziwa zimenezo. Kwa wophunzira, ndalama ziyenera kukhala mu akaunti ya iye mwini, ya mkazi kapena mwamuna wake amene akupempha naye limodzi kapena ali kale ndi chilolezo chokhala ku Britain, ya kholo lake, kapena ya munthu amene khoti linamupatsa udindo womulera. Ngati ndi akaunti ya kholo, pamafunikanso chiphaso chobadwira chotsimikiza ubalewo ndi kalata ya khololo yovomereza kuti ndalamazo zigwire ntchito ya sukulu yanu. Amalume, azakhali, achimwene kapena abusa, ngakhale atalemba kalata yokoma bwanji, sawerengedwa.

Njira yake ndi yoti amalumewo asamutsire ndalamazo mu akaunti yanu, kenako muyambe kuwerenga masiku 28 kuchokera pamenepo. Sungani umboni wa komwe ndalamazo zachokera.

Kalata yanga ikuti sakukhulupirira kuti ndine wophunzira weniweni. Ndinalakwitsa chiyani?

Imeneyi ndi ndime ya ST 5.1, ndipo kawirikawiri imabwera pambuyo pa mafunso aja a pa kanema. Kalatayo imabwereza zomwe anakufunsani ndi zomwe munayankha. Mwina simunathe kutchula maphunziro omwe mukatenge, mwina simunafotokoze chifukwa chomwe munasankhira sukulu imeneyo n'kusiya ina, mwina mayankho anu anamveka oloweza. Werengani modekha, muone ngati zomwe alemba n'zomwe munanenadi. Ngati anakumvani molakwa, muli ndi poyambira dandaulo. Ngati alemba zoona, ndiye kuti ejenti anakusankhirani sukulu inu osaidziwa, ndipo mankhwala ake ndi kukhala pansi n'kuiphunzira bwino musanapemphenso.

Ndaona mawu akuti "deception" m'kalata. Ndichite mantha?

Musachite mantha, koma musachedwe. Kukanidwa chifukwa cha ndalama zoperewera kapena chiphaso cha TB chomwe chatha nthawi, paja chimagwira ntchito miyezi 6 yokha, sikukutsekerani khomo, mukhoza kupemphanso mukangokonza cholakwikacho. Koma akagamula kuti munanama dala kapena munapereka pepala lachinyengo mukudziwa, akhoza kukanabe mapempho anu kwa zaka 10. M'makalata akale muona ndime za 9.7.1 kapena 9.7.2, ndipo m'makalata atsopano muona ndime zoyamba ndi SUI.

Nthawi zambiri zimayamba chonchi: a Home Office, unduna wa ku Britain woona za viza, amafunsa ku banki kapena ku sukulu yomwe yatchulidwa pa pepala lanu, ndipo kumeneko amayankha kuti pepalalo salidziwa. Nthawi zina ndi ejenti amene "anakonza" sitetimenti mwiniwake osadziwa, nthawi zina ndi wa ku banki amene anayankha mosafufuza. Ngati pepala lanu n'loona, pitani ku nthambi ya bankiyo sabata yomweyo mukatenge kalata yodindidwa yotsimikiza akauntiyo ndi ndalama zake. Pa mlandu wa chinyengo amalola umboni watsopano podandaula, zomwe sizichitika pa zifukwa zambiri. Apa ndingakulangizeni kupeza loya kapena mlangizi wovomerezeka wa za viza ku Britain, chifukwa zaka 10 si masewera.

Ndingachite apilo?

Pa viza ya sukulu kapena ya ntchito palibe apilo ya kukhoti. Chomwe chilipo ndi "administrative review", kutanthauza kuti wogwira ntchito wina wa Home Office aonenso chigamulocho, ndipo kalata yanu inena ngati muli ndi mwayi umenewu. Amalipiritsa mapaundi 80. Ngati munapempha muli kunja kwa Britain, monga ku Lilongwe kapena ku Joni, muli ndi masiku 28 kuchokera pomwe mwalandira chigamulo. Ngati muli ku Britain komweko, masiku ndi 14.

Mvetsetsani kuti amangoona ngati wogamula woyamba analakwitsa pa mapepala omwe anali nawo. Tibwerere kwa mtsikana wa ku Zomba uja. Ndalama zake zinatsikadi, wogamula sanalakwitse, choncho kudandaula n'kutaya mapaundi 80 ndi miyezi. Koma tinene kuti akauntiyo sinatsikepo pansi pa 23,000, ndipo kalata ikuti pamafunika 26,539. Apa wogamula waiwala kuchotsa 4,000 yomwe inalipiridwa kale, pomwe CAS ikuonetsa poyera. Kumeneko ndiye kulakwitsa koyenera dandaulo, ndipo polemba musachulutse za mavuto a kunyumba. Tchulani ndimeyo, tchulani pepalalo ndi tsamba lake, onetsani masamu.

Yankho limatha kutenga miyezi yambiri, sukulu n'kutsegulira inu mukudikirabe. Mukaperekanso pempho latsopano dandaulo lili m'njira, dandaulolo limathera pomwepo. N'chifukwa chake ambiri amene anakanidwa pa zandalama amangokonza cholakwikacho n'kupemphanso. Amene akuimbidwa mlandu wa chinyengo asatero, ayambe wachotsa banga limenelo.

Kwa inu amene muli kale ku Britain ndipo munapempha viza yakale isanathe, chilolezo chanu chimapitirira pomwe dandaulo loperekedwa m'nthawi yake likuonedwa. Mukaphonya masiku 14 aja, chitetezo chimenechi chimatha.

Ndalama zomwe ndinalipira andibwezera?

Ya fomu ya viza yapita. Ya zaumoyo ija, yomwe ophunzira amalipira mapaundi 776 pa chaka, imabwezedwa ku khadi lomwe munalipirira. Za fizi yomwe munalipirako ku sukulu zimadalira malamulo a sukuluyo, ndipo ambiri amafuna kuona kalata yokanidwayo asanabweze. Muwatumizire mwachangu, chifukwa CAS imagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo kuti mupemphenso pafunika yatsopano. Sukulu imayamba yaona chifukwa chomwe munakanidwira isanavomere kupereka ina.

Ine yanga inali ya ntchito. Zonsezi zikundikhudza?

Zambiri n'zofanana, kuwerenga ndime, masiku odandaulira, nkhani ya chinyengo. Ndalama zofunika kuonetsa ndi mapaundi 1,270 kwa masiku 28, pokhapokha ngati bwana wanu walemba pa CoS, chiphaso chomwe amapereka potsimikiza kuti wakulembani ntchito, kuti akusamalirani mwezi woyamba. Kusiyana kwake n'kwakuti cholakwika nthawi zambiri chimakhala cha wolemba ntchito: malipiro olembedwa pa CoS ndi ochepa poyerekeza ndi omwe lamulo likufuna pa ntchitoyo, nambala ya ntchito siyikugwirizana ndi zomwe muzikachita, kapena a Home Office akukayika ngati ntchitoyo ilipodi. Zimenezi simungazikonze nokha muli ku Area 25. Tumizani kalatayo kwa bwanayo. Ngati munagula CoS kwa munthu wina ndipo tsopano foni yake sikupezeka, musatumizenso ndalama zina kwa aliyense wolonjeza kukonza.

Popemphanso, ndinene kuti anandikanapo?

Nenani. Fomu imafunsa ngati munakanidwapo viza ya Britain kapena ya dziko lina lililonse, ndipo iwo ali nazo kale zidindo za zala zanu ndi mbiri yonse. Kusintha pasipoti sikufafaniza kanthu. Mukabisa, vuto la mapaundi 639 lija limasanduka mlandu wa chinyengo. Lembani tsiku lomwe munakanidwa, nambala ya pempho ili pamwamba pa kalata, chifukwa chomwe anapereka, ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zofotokoza zomwe mwakonza, ndipo muphatikizepo sitetimenti yatsopano ya masiku 28 athunthu.