Batani la Replace All silidziwa zomwe mumafuna

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti Replace All ya mu Microsoft Word, yosinthira mawu pa malo onse nthawi imodzi, imangosintha mawu amene mukufuna, ndiye palibe chowopsa. Si choncho. Pulogalamu siwerenga tanthauzo, imangofufuza zilembo zotsatizana, kaya zili pazokha kaya zili m'kati mwa mawu ena.

Tinene kuti mu lipoti la sukulu mukufuna kuti "ana" akhale "ophunzira". Muli chiganizo ichi:

```
Anthu anabwera kudzakambirana za ana.
```

Mukadina bataniyo osasintha china chilichonse, chimatuluka ndi ichi:

```
Anthu ophunzirabwera kudzakambirophunzira za ophunzira.
```

Malo atatu asintha, koma oyenera anali amodzi. Chichewa chathu chili ndi "ana" paliponse, choncho masamba 40 amawonongeka kamodzin'kamodzi.

Manambala ndiye amapweteka mwakachetechete. Kusintha 500 kukhala 600 pa mndandanda wa mitengo kumasandutsanso 1500 kukhala 1600, ndipo diso siliona cholakwika chifukwa ikuonekabe ngati nambala yabwinobwino.

Kubwezera posintha "ophunzira" kukhala "ana" sikukonza zonse, chifukwa "ophunzira" amene analimo kale nawonso amasintha. Ctrl+Z ndi imene imathandiza, bola musanatseke fayilo.

Yesani nokha pa kope la fayiloyo. Dinani Find Next kangapo muone pomwe ikuima, kenako chongani Find whole words only ndi Match case. Onaninso chiwerengero chomwe imakuuzani ikamaliza: ngati mumayembekeza malo 12 koma yanena 300, bwezani pomwepo. Ndipo musauze mnzanu kuti njirayi ilibe vuto musanaiyese motere.