Ikakhala pa 30%, sikuti yafa

"Laputopu yanga kuno ku Mzuzu yaima pa 30% ikuyambiranso kuti iike maapudeti a Windows. Ndiizimitse, poti zonse inadawuniloda kale?"

Ayi achimwene, chonde musaizimitse. Kudawuniloda kunangobweretsa mafayilo atsopano n'kuwaika pambali. Windows singachotse fayilo yomwe ikuigwiritsa ntchito, ndiye imadikira nthawi yoyambiranso kuti ichotse akale, ilowetse atsopano, kenako isamutse makonzedwe anu monga mapasiwedi a Wi-Fi. Pa 30% pomwepo nthawi zambiri imazima yokha n'kuyakanso.

Mukaidula pakati, mafayilo ena amakhala atsopano, ena akale, ndipo mwina singayakenso bwino. Onani kanyale ka disiki ngati kalipo: kakamaphethira, ntchito ili mkati. Ilumikizeni ku magetsi batire lisathe, muipatse ngakhale maola 2.