Mawu amene tinakanganirana usiku wa maliro a bambo

Mwezi uno zakwana zaka 5 chimwalirire bambo, ndipo abale anga andipatsa ntchito yolemba mawu owakumbukira. Ntchitoyi yadzutsa mkangano umene unangogona, sunathe. Achimwene aakulu akufuna tibwereze zimene zinawerengedwa pa maliro. Mzime wathu akuti tikatero tichotsepo dzina lake.

Mkanganowu unayamba usiku woti mawa lake tiika maliro. Tinakhala anayi m'chipinda cha amayi, achimwene ali ndi pepala pabondo. Anali atalemba kale kuti bambo anali tate wachikondi, wosadziwa kukwiya, ndipo asiya mpata wosatsekeka. Atawerenga, mzime wathu anafunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ameneyu ndi bambo wa ndani?" Sanafunse mwachipongwe. Bambo anachoka pakhomo iye ali ndi zaka 3, anabwerera ali ndi 7, ndipo pa pepalalo zaka zimenezo munalibe. Achimwene anayankha kuti maliro si bwalo la milandu. Analinso ndi chifukwa chawo: iwo anakula bambo alipo, ndipo munthu amene ankamulemba anali weniweni kwa iwo.

Za zaka zinayizo nkhani zake n'zosiyana. Azakhali amati bambo anapita kukasaka ntchito ndipo ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Amayi amati ndalama zinabwera miyezi yoyambirira, kenako zii. Azakhali sankakhala nafe, ndipo ankanena za mlongo wawo. Amayi ndi amene ankaona m'nyumba mukusowa, ngakhale kuti mtima wopweteka nawo umasankha zokumbukira. Mboni yachitatu ndi kabuku kamene bambo ankalembamo ndalama iliyonse yotuluka. M'chaka choyamba dzina la amayi likupezekamo kasanu ndi kawiri, m'zaka zinazo palibe. Kabukuko kakugwirizana ndi amayi, koma sikanena chimene chinawachotsa bambo pakhomo kapena chimene chinawabweza. Ali moyo palibe anawafunsa.

Amene anadula nkhani usikuwo ndi amayi. Anali chete nthawi yonseyi, akupinda malaya a bambo pabedi. Anati, "Musawanamizire, komanso musawavule pagulu." Kenako anatikumbutsa kuti chibwerere bambo sanapepesepo ndi pakamwa, koma madzulo alionse ankakhala pakhomo ndi tochi mpaka mwana womaliza atalowa, n'kudzatseka chitseko okha. Mzime wathu analira pamenepo koyamba chichitikire malirowo. Koma kunja kunali kutacha, pepala silinasinthidwe, ndipo linawerengedwa momwemo. Zaka zotsatirazi tinkangoilambalala nkhaniyi.

Chaka chino ndinayamba ndi pepala lomwelo. Chiganizo chilichonse ndinachifunsa ngati chingakwanenso pa bambo wa munthu wina. "Wachikondi" anachoka, m'malo mwake munalowa tochi ija. "Wosadziwa kukwiya" ndinafufuta chifukwa ndi bodza. Bambo akakwiya ankatha masiku awiri osalankhula, ndipo tonse tikudziwa. Pamene panalembedwa kuti anatisiya mwamtendere ndinalemba kuti anadwala sitiroko, anakhala miyezi 8 mawu osamveka bwino, ndipo ankakwiya tikawamalizira chiganizo.

Zaka zinayi zija ndazipatsa mzere umodzi: "Munachokapo, munabwerera, ndipo zonse ziwiri tikuzikumbukira." Chifukwa chimene anachokera sindinaikepo, ndalamanso sindinazitchule. Zimenezo zikukhudza amayi amene ali moyo, ndipo ndinawawerengera iwo kaye ndisanaonetse wina aliyense. Kunena zoona kuli ndi malire ake pamenepo. Zimene zinandichitikira ine ndingazinene, koma bala la wina ndiyenera kupempha mwini wake. Za ine ndalemba kuti masiku ena ndimawasowa, masiku ena ndimawakwiyirabe, ndipo nambala yawo ikadali m'foni mwanga.

Ndinawaimbira achimwene dzulo n'kuwawerengera zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati mzere wa kuchoka uja ukuwabayabe, ndipo sanavomere kuti ukhale. Anangopempha kuti ndiwonjezere kuti bambo ndi amene anawaphunzitsa kupalasa njinga, akuthamanga pambuyo atagwira chishalo. Ndawonjezera. Za mzere uja tikumananso Loweruka kwa amayi.