Kukula kwa zilembo m'buku la mwana woyamba kuwerenga

Aphunzitsi a kuno ku Mchinji akabwera ndi nthano zoti tiwasindikizire, ambiri amapempha kuti zilembo zikhale zazikulu kwambiri. Cholinga chawo n'chabwino, koma zilembo zikakula mopitirira muyeso zimadula chiganizo m'malo osayenera, makamaka m'Chichewa momwe liwu limodzi limatha kukhala lalitali.

Zilembo timaziyeza m'mapointi, ndipo mapointi 72 amapanga inchi imodzi. Tiyerekeze kuti buku lathu ndi la A5, lomwe ndi pepala la A4 lopindidwa pakati, ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 148. Tikasiya mamilimita 15 mbali iliyonse, malo olembapo amatsala mamilimita 118. Pa mapointi 24, mzere umodzi umalowa zilembo pafupifupi 27, kuwerengera ndi mipata yomwe. Motero chiganizo chakuti "Chisomo akuthandiza amayi kukumba mtedza kumunda" chimagawika pawiri: "Chisomo akuthandiza amayi" pamwamba, "kukumba mtedza kumunda" pansi, ndipo mzere uliwonse uli ndi ganizo lomveka. Tikakweza kufika pa mapointi 36, mzere umalowa zilembo pafupifupi 18 zokha, dzina la Chisomo limatsala lokha pamwamba, ndipo chiganizo chimamwazika pa mizere inayi, moti mwana akamafika kumapeto amakhala ataiwala kale amene akuthandiza amayiwo. N'chifukwa chake ine ndimayambira pa 24 kwa ana a Sitandade 1, ndipo ndimatsitsa kufika pa 18 kwa amene ayamba kuwerenga mosadodoma.

Mpata wa pakati pa mizere ndi umene ambiri amaunyalanyaza pofuna kusunga mapepala. Mwana amawerenga akuloza ndi chala, ndipo chalacho chimafuna malo ake. Kwa zilembo za mapointi 24, mtunda wochokera pa mzere wina kufika pa unzake ukhale mapointi 36, omwe ndi mamilimita pafupifupi 13. Mu Microsoft Word, pitani pa Line spacing, musankhe Exactly, kenako mulembe 36 pt. Mizere isanu imatenga masentimita osafika 7, ndipo theka la pamwamba la tsamba limatsalira chithunzi. Mawu asalembedwe pa chithunzicho, chifukwa bukulo likapita pa fotokope amazimirira.

Mizere yonse iyambire pamodzi kumanzere, koma kumanja izithera paliponse pamene ganizo lathera. Musadule liwu kumapeto kwa mzere, chifukwa "ng'ombe" ikaduka pakati pa g ndi kachizindikiro kake, mwana amatchula liwu lina. Sankhaninso mtundu wa zilembo umene a ndi g zake zikufanana ndi zimene mphunzitsi amalemba pabolodi, monga Andika, umene bungwe la SIL linakonzera oyamba kuwerenga ndipo umapezeka mwaulere.

Musanasindikize ambiri, tulutsani tsamba limodzi, mulipereke kwa ana atatu atakhala pansi mogundana monga amachitira m'kalasi mabuku akachepa. Mwana akamabwereza mzere umene wawerenga kale kapena kudumpha wina, mpata wachepa. Wokhala chakumbali akamaweramitsa mutu kufupi ndi pepala, onjezerani mapointi awiri pa zilembo ndipo muyesenso.