Kukana kukweza wantchito sikumutaya

"Ndikam'kaniza udindo achoka, bola ndingoti tidzaona. Si choncho?"

Ayi bwana, chothamangitsa anthu ndi "tidzaona" yemweyo. Munthu amadikira, kenaka n'kumvera kwa anzake kuti malo apatsidwa wina.

Tiyerekeze woperekera zakudya pa loji ya ku Cape Maclear wapempha ukapitawo. Muitanireni pambali sabata isanathe, muyambe ndi yankho: panopa ayi. Chifukwa chake chikhale chooneka, monga chakuti sanawerengerepo katundu wa m'sitolo. Ndiye mupatseni ntchito imeneyo Lolemba lililonse kwa miyezi itatu, mugwirizane tsiku lodzakambirananso.

Koma ngati vuto ndi ndalama, nenani zomwezo. Musam'pekere zofooka, ndipo musalonjeze udindo umene kulibe. Akamangoti "chabwino bwana" osafunsanso kanthu, dziwani kuti wayamba kufunsira ntchito kumaloji ena.