Mafayilo amene mukuti asowa: mayankho athu pa za mafoda atatu a mu Linux

Chiyambire phunziro la teminolo, windo lolemberamo malamulo a kompyuta, pakhomo la ofesi yathu sipakutha anthu odzadandaula kuti ntchito yawo yasowa pa kompyuta. Ena afika pomati ndife tikufufuta mafayilo usiku. Ayi, sitikufufuta. Pafupifupi madandaulo onse amene tawafufuza akuchokera pa kusokoneza mafoda atatu, ndiye tati tiyankhe pamodzi mafunso amene akubwerabwera. Makompyuta a m'chipinda chathu chophunziriramo ali ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndipo m'zitsanzo zonse tatenga dzina la akaunti kukhala `wophunzira`. Inu muziikapo lanu.

Mafoda atatuwo ndi ati?

Foda yoyambira, imene pa sikirini imalembedwa `/` basi, ndiyo imasunga mafoda ena onse. Foda yanuyanu ndi `/home/wophunzira`, ndipo mwachidule imalembedwa `~`. Yachitatu ndi foda imene mwaimamo pa nthawi imene mukulemba lamulo. Ziwiri zoyambazo sizisuntha, koma yachitatuyi imasintha nthawi iliyonse mukalemba `cd`, lamulo losamukira ku foda ina.

Ndingadziwe bwanji pamene ndaima?

Lembani `pwd`, ikuuzani.

Pulogalamu yanga inayenda bwinobwino, koma fayilo ya zotsatira kulibe. Mwaifufuta ndinu?

Tayamba tanena kuti palibe wa mu ofesi muno amene amalowa m'mafoda a ophunzira kukachotsa zinthu. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala ilipo, kungoti inalembedwa kwina.

Titenge nkhani imene tikuiona kawirikawiri. Wophunzira ali ndi pulogalamu ya Python yotchedwa `werengera.py`, imene anaisunga mu `/home/wophunzira/maphunziro/sabata2`. M'pulogalamumo muli mzere wolemba zotsatira:

```
open("zotsatira.txt", "w")
```

Akatsegula teminolo amapezeka ali mu foda yake, ndiye posafuna kuvutika amangolemba:

```
python3 maphunziro/sabata2/werengera.py
```

Pulogalamu iyenda osadandaula kalikonse. Iye apita kukayang'ana mu `sabata2`, apeza muli `werengera.py` yokha, basi ulendo wa ku ofesi kudzatiuza kuti taba ntchito yake.

Chimene chachitika n'chakuti dzina lakuti `zotsatira.txt` silikunena foda iliyonse. Kompyuta ikapatsidwa dzina lotere siyang'ana kumene pulogalamu imakhala, imayang'ana kumene munthu anaima pamene ankaiyendetsa. Wophunzirayu anaima mu `/home/wophunzira`, choncho fayilo inalembedwa momwemo, mafoda awiri pamwamba pa malo amene iye akufufuza. Akanayamba walemba `cd maphunziro/sabata2`, kenako `python3 werengera.py`, ikanagwera pambali pa pulogalamuyo monga ankayembekezera.

Musanabwere kuno, yesani kuifufuza nokha:

```
find ~ -name "zotsatira.txt"
```

Lamuloli limayendayenda m'foda yanu yonse ndi mafoda ake a m'kati, n'kulemba njira yonse ya fayilo iliyonse ya dzina limenelo. Musadabwe mukapeza atatu kapena anayi m'malo osiyanasiyana. Zikatero ndiye kuti munayendetsa pulogalamuyo mutaima m'mafoda osiyana, ndipo kulikonse inasiyako fayilo yake. Kuti mudziwe yatsopano, gwiritsani ntchito `ls -l` muone tsiku ndi nthawi.

Pali nkhani ziwiri zimene tikuvomera kuti fayilo imapitadi. Yoyamba ndi ya anthu amene amasunga ntchito mu `/tmp`. Foda imeneyo ndi ya zinthu zosakhalitsa, ndipo pa Ubuntu imayeretsedwa kompyuta ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Magetsi akathima masana, zimene munaika mmenemo mukhoza osazipezanso. Tikuvomera kuti m'kalasi loyamba sitinatsindike zimenezi mokwanira. Yachiwiri ndi ya `"w"` uja: mukayendetsanso pulogalamu mutaima pa malo omwewo, fayilo yakale imafufutika n'kulembedwa yatsopano, popanda kukufunsani.

Ndiye amene anachedwa kupereka ntchito chifukwa cha zimenezi apatsidwa mwayi wina?

Sitingalonjeze onse pamodzi. Ngati fayilo yapezeka ndipo tsiku lake likuonetsa kuti inalembedwa nthawi isanakwane, mphunzitsi angathe kuilandira, koma chiweruzo ndi chake, osati cha ofesi ino. Chonde musaitsegule n'kuisunganso musanamuonetse, chifukwa mukatero tsiku lija lisintha ndipo umboni wanu utha. Za amene anasunga mu `/tmp` tikukambiranabe, nkhani ya aliyense payokha.

Ndikalemba `cd Documents` nthawi zina zimatheka, nthawi zina imandiyankha kuti `No such file or directory`. Kompyutayi ndi yowonongeka?

Ili bwino. Pali njira ziwiri zouzira kompyuta kumene chinthu chili, ndipo zimasiyana pa chizindikiro choyamba chokha. Njira imene imayamba ndi `/` imawerengedwa kuchokera ku foda yoyambira, ndiye imagwira ntchito kulikonse kumene mwaima: `cd /home/wophunzira/Documents` ikufikitsani malo omwewo nthawi zonse. Njira yopanda `/` kumayambiriro imawerengedwa kuchokera pamene mwaima. Zili ngati kulondolera mlendo kuti "mukhote kumanja, nyumba yachitatu": mawuwo ndi oona kwa munthu amene waima pa sitolo pamene inu mukuganiza, koma amene waima pa chigayo akafika kwa eni ake ena.

Choncho `cd Documents` imatheka mukakhala mu foda yanu, chifukwa `Documents` ili momwemo. Mukailemba muli mu `sabata2`, kompyuta imafufuza `Documents` m'kati mwa `sabata2`, siipeza, n'kukuuzani zoona. Njira yachidule yosalephera ndi `cd ~/Documents`, popeza `~` imasandulika `/home/wophunzira` lamulo lisanayende.

Ngati `pwd` ikuonetsa kuti mwaima poyenera koma uthengawo ukubwerabe, yang'anani zilembo. Kwa Linux, `Documents` ndi `documents` ndi mayina awiri osiyana. Amene munazolowera Windows apa ndi pamene mukupunthwa kwambiri. Dzina lokhala ndi mpata pakati nalonso limafuna kutsekeredwa, monga `cd "ntchito yanga"`. Ife timalangiza kungopewa mipata m'mayina.

Madontho aja amatanthauza chiyani?

Dontho limodzi, `.`, ndi foda imene mwaimamo. Awiri, `..`, ndi foda imene ili pamwamba pake. Mukakhala mu `/home/wophunzira` n'kulemba `cd ..` mufika mu `/home`, mukabwerezanso mufika pa `/`. Kachitatu simupita kulikonse, pamwamba pa `/` palibenso china.

Ndasochera, ndibwerere bwanji?

Lembani `cd` yokha popanda china chilichonse, mubwerera ku foda yanu. `cd -` imakubwezani kumene munali musanasamuke komaliza.

Kodi `/` ndi `/root` si chinthu chimodzi?

Ayi, ngakhale mayina ake amasokonezadi, ndipo si ife tinawasankha. `/` ndi foda yoyambira ya kompyuta yonse. `/root` ndi foda imodzi chabe m'kati mwake, yomwe ndi foda yakeyake ya akaunti yoyang'anira kompyuta, yotchedwa `root`. Mmene inu mulili ndi `/home/wophunzira`, akauntiyo ili ndi `/root`. Pa `/` mukhoza kufikapo n'kuona zimene zilipo ndi `ls`: muona `etc` mmene mumakhala mafayilo okonzera kayendedwe ka kompyuta, `usr` mmene muli mapulogalamu ambiri, `home`, `tmp` ndi ena. Koma `cd /root` ikuyankhani kuti `Permission denied`, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

N'chifukwa chiyani mukutikaniza kupanga mafoda pa `/`? Tipatseni `sudo`, si tinalipira?

Funso ili labwera mwaukali kangapo, ndiye tiliyankha mosabisa. Kukanizidwa kulemba pa `/` si lamulo la ofesi ino, Linux imabwera choncho. Akaunti wamba imaloledwa kulemba m'foda yake ndi m'malo ochepa ngati `/tmp`, kwina konse imangowerenga kapena kuletsedwa kumene. Zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti munthu mmodzi akalakwitsa asawononge kompyuta imene anzake agwiritse ntchito mawa.

Za `sudo` zokha, lamulo lokupatsani mphamvu za `root`, ndiye ndi chisankho chathu, ndipo pakadali pano sitisintha. Palibe ntchito ya m'phunziro lino imene ikufuna kulemba kunja kwa foda yanu. Mukaona `Permission denied`, kawirikawiri si kuti mukusowa mphamvu, koma kuti mwaima polakwika. Munthu amapita pa `/` kukaona, n'kuiwala kubwerera, kenako alemba `mkdir ntchito` n'kukanizidwa. Mankhwala ake ndi `cd`, osati `sudo`.

Amene muli ndi malaputopu anu, kumene `sudo` muli nayo, dziwani kuti fayilo yopangidwa ndi `sudo` mwini wake amakhala `root`, ngakhale ili m'foda yanu. Tsiku lotsatira mudzalephera kuisintha, ndipo `ls -l` idzaonetsa `root root` pamene pamayenera kukhala dzina lanu.

Tisakunamizeni kuti kusowa `sudo` kumateteza zonse. M'foda yanu muli ndi mphamvu zonse, kuphatikizapo zowononga. Lamulo la `rm` silitumiza zinthu ku bini ayi, limafufutiratu. Munthu wofuna kuchotsa foda ya `zakale` amalemba `rm -r ~/zakale`. Chala chikaterereka n'kuika mpata pakati pa `~/` ndi `zakale`, kompyuta imamva kuti mwaipatsa zinthu ziwiri zoti ichotse, choyamba n'kukhala foda yanu yonse. Zoterezi ife sitingathe kukubwezerani. Musanalembe `rm` iliyonse, lembani `pwd` ndi `ls`, ndipo werengani mzere wanu kawiri.

Ndatsegula mawindo awiri a teminolo, bwanji akuonetsa zosiyana?

Windo lililonse lili ndi foda yake imene laimamo. `cd` ya m'windo lina sikhudza linzake. Yang'anani mawu amene ali kumanzere kwa `$`: mukaona `~$` muli m'foda yanu, mukaona `~/maphunziro/sabata2$` muli mmenemo, mukaona `/$` muli pa foda yoyambira.

M'foda yanga mwapezeka mafayilo amene sindinaike, oyamba ndi dontho. Ndi vayirasi?

Ayi. Mafayilo ngati `.bashrc` ndi foda ya `.config` amasunga makonzedwe a akaunti yanu. Amabisika, amaoneka mukalemba `ls -a`. Asiyeni.

Nanga fulashi yanga ili kuti, popeza kuno kulibe `C:` kapena `E:`?

Linux sipatsa madisiki zilembo. Chilichonse chimalumikizidwa penapake pansi pa `/`, ndipo pa makompyuta athu fulashi imaoneka mu `/media/wophunzira/`, pansi pa dzina la fulashiyo. Kunyumba, ngati muli pa Windows, foda yanu ndi `C:\Users\` kutsatira dzina lanu, ndipo kamzere kake kamapendekera mbali inayo. Pa Mac ndi `/Users/` kutsatira dzina lanu.

Ndayesa zonsezi koma fayilo sikupezeka. Ndibwere?

Bwerani, koma musatseke teminolo. Lembani `pwd`, kenako `history`, imene imaonetsa malamulo amene mwakhala mukulemba, ndipo mujambule sikirini ndi foni. Tikaona ma `cd` anu motsatana timatha kulondola kumene munaima pamene munkayendetsa pulogalamu. Mutiuzenso nambala ya kompyuta imene munakhalapo, chifukwa foda yanu ili pa disiki ya kompyuta imeneyo yokha, ndipo mukakhala pa ina simuipeza.