ATM yadula ndalama koma sinatulutse: kalata yake mulembe motere

Makina a ATM akalira ngati akuwerenga ndalama, kakhomo osatseguka, kenako foni n'kulira kuti mu akaunti mwachoka K200,000, ambiri amathamangira kwa mlonda. Mlondayo amangoti, "Ndi netiweki bwana, zibwerera zokha." Nthawi zambiri amanena zoona. Koma zikapanda kubwerera, chimene chidzabweze ndalama zanu ndi kalata, ndipo pa zaka zimene ndinagwira ntchito yoyanjanitsa maakaunti kubanki ndinaona kuti makalata ambiri amachedwa kuyankhidwa pa chifukwa chimodzi: amafotokoza mkwiyo bwinobwino, koma sathandiza wowerengayo kupeza pamene pali vuto.

Kuti mudziwe zoti mulembe, yambani mwamvetsa zimene zimachitika mkatimo. Mukalowetsa kadi ndi nambala yachinsinsi n'kusankha ndalama, makinawo amafunsa banki yanu ngati ndalamazo zilipo. Banki ikavomera, imadula nthawi yomweyo, ndalama zisanatuluke. Kenako m'pamene makina amayamba kutola ndalama zapepala m'mabokosi ake. Pepala lina likakodwa, kapena magetsi akathima, makinawo amayenera kutumiza uthenga wachiwiri wouza banki kuti sanapereke kanthu, ibweze. Uthenga wachiwiriwu ukafika, ndalama zimabwerera zokha, mwina m'mphindi zochepa, mwina tsiku lotsatira. Ukasochera m'njira chifukwa netiweki yaduka, banki yanu imangodziwa kuti munatapa. Ndalamazo palibe wazidya. Nthawi zambiri zimakhala zili m'makina momwemo, m'kabokosi kamene amaponyamo mapepala amene alephera kuwapereka.

Makina aliwonse amasunga kaundula wake. Amalemba nthawi imene kadi yalowa, ndalama zimene zapemphedwa, ngati zinafika pakhomo, ngati munthu anazitenga kapena makina anazimezanso. Ogwira ntchito akamabwera kudzaikamo ndalama zina amawerenganso zotsala, ndipo ngati munthu wina sanalandire zake, zimapezeka kuti zapitirira. Kaundulayu ndi ndalama zopitirirazi ndiwo mboni zanu zenizeni. Choncho ntchito ya kalata yanu ndi imodzi yokha: kumulondolera wofufuza ku mzere umodzi pakati pa mizere yambirimbiri ya tsiku limenelo.

Funso loyamba ndi lakuti kalatayo ipite kuti. Kuchokera mu 2015, pamene mabanki a m'dziko muno analumikizana kudzera ku Natswitch, kadi ya banki ina imatapa pa makina a banki ina. Apa m'pamene anthu amasokonekera. Amalowa m'banki ya eni makinawo, akaima pamzere ola lathunthu, n'kuuzidwa kuti apite ku banki yawo. Si chipongwe ayi. Eni makina sangaone akaunti yanu, ndipo sangaikemo kanthu. Mulembere banki imene inakupatsani kadi, iyoyo ndiyo idzafunse eni makina kuti aonetse kaundula wawo. Zikatere nkhani imatenga nthawi yotalikirapo kusiyana ndi pamene kadi ndi makina zili za banki imodzi, chifukwa yankho limachita kudutsa m'manja awiri.

Tiyeni titenge chitsanzo chimene chimavuta kwambiri. Tinene kuti mayi wina, mphunzitsi, walandira malipiro kumapeto kwa mwezi ndipo akufuna K200,000, ndiye kuti mapepala 40 a K5,000. Pa makina oyamba nthawi ili 6:42 madzulo, sizinatuluke. Poganiza kuti zangokanika, wasunthira pa makina oyandikana nawo, ndipo 6:47 ndalama zatuluka bwinobwino. Atafika kunyumba wapeza mauthenga awiri, uliwonse wa K200,000. Mayiyu akangolemba kuti "Lachisanu ndinatapa K200,000 pa ATM yanu koma sinatuluke," wofufuza akhoza kugwera pa kutapa kwa 6:47, n'kuona kuti ndalama zinatuluka ndipo zinatengedwa, n'kuyankha kuti dandaulo lilibe maziko. Sananame, wangoyang'ana mzere wolakwika. Kalata yabwino imatseka mpata umenewu, motere:

Kwa Manijala wa nthambi,

DANDAULO: NDALAMA ZADULIDWA KOMA ATM SINATULUTSE, K200,000

Ndili ndi akaunti ku nthambi yanu, nambala yake ndi iyi (ilembeni yonse), ndipo kadi yanga imathera ndi manambala 4417.

Lachisanu pa 27 Juni, nthawi ya 6:42 madzulo, ndinayesa kutapa K200,000 pa makina a banki yakutiyakuti ali pamalo akutiakuti. Pali makina awiri, ndipo ndinagwiritsa ntchito a kumanzere mukayang'anizana nawo. Makina anamveka kuwerenga kwa kanthawi, kakhomo ka ndalama sikanatseguke, kenako anandibwezera kadi. Sindinalandire ndalama iliyonse, ndipo lisiti silinatuluke. Ngakhale zili choncho, akaunti yanga inadulidwa K200,000 pamodzi ndi ndalama yolipirira kutapako.

Dziwani kuti nthawi ya 6:47 ndinatapanso K200,000 pa makina a kumanja ndipo zimenezo ndinalandira. Sindikudandaula za kutapa kwachiwiriku. Dandaulo langa ndi la kutapa kwa 6:42 kokha.

Ndikupempha kuti muone kaundula wa makinawo ndi kawerengedwe ka ndalama zotsala za tsikulo, mundibwezere K200,000 pamodzi ndi ndalama yolipirira ija, ndipo mundipatse nambala ya dandaulo langa ndi tsiku limene ndiyembekezere yankho lolembedwa. Ndaphatikiza chithunzi cha mauthenga awiri a pafoni ndi sitetimenti.

Ine wanu, (dzina, siginecha, nambala ya foni, tsiku).

Onani zimene mulibe m'kalatayi. Mulibe za lendi, za fizi ya ana kapena za zaka zimene mwakhala kasitomala wokhulupirika. Zonsezo n'zoona ndipo zimapweteka, koma wofufuza alibe pozilowetsa. Mulibenso mawu oti "mwandibera", chifukwa mawu amenewo amachititsa kuti woyankha ayambe kudziteteza m'malo mofufuza. Ngati mukufuna kulemba m'Chingelezi, monga mmene makalata ambiri a kubanki amakhalira, mfundo zake n'zomwezi. Mabanki ambiri amakupatsaninso fomu yawo yodzaza. Dzazani, koma kalata yanu muiphatikizebe, pakuti pafomu malo ofotokozera nkhani ya makina awiri aja amachepa.

Ndiimepo pang'ono pa nthawi ndi malo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. "Madzulo" sikokwanira, pa tsiku la malipiro makina amodzi amatumikira anthu ochuluka, ndipo ambiri amatapa ndalama zofanana. Tengani nthawi imene ili pa uthenga wa pafoni, ola ndi mphindi. Ngati lisiti linatuluka, musalitaye ngakhale litalemba kuti zakanika. Pamakhala nambala ya makinawo, imene nthawi zambiri imalembedwa kuti Terminal ID, ndi nambala ya kutapako, imene ena amailemba kuti RRN. Ndi manambala awiriwa wofufuza amafika pa mzere wanu mosavuta. Lisiti lijambuleni tsiku lomwelo, chifukwa zolemba za papepala lotere zimafufutika msanga, makamaka likakhala m'thumba kapena padzuwa. Ngati silinatuluke, jambulani makinawo ndi malo ake musanachoke.

Fotokozaninso chimene munaona ndendende, musakongoletse. Kakhomo kusatseguka n'kosiyana ndi ndalama kuonekera kenako makina n'kuzimeza chifukwa munachedwa kuzitenga, ndipo n'kosiyananso ndi kulandira zoperewera. Chilichonse chimaoneka mosiyana m'kaundula. Ngati munapempha K200,000 n'kulandira K150,000, lembani manambala onse atatu: zopempha, zolandira, ndi K50,000 yotsalayo. Amene amalemba kuti sanalandire kanthu pamene analandira zina amadziwonongera yekha mlandu, chifukwa kaundula akangomutsutsa pa chimodzi, zonse zimakayikiridwa.

Nambala yachinsinsi musailembe paliponse, ngakhale pafomu, ndiponso manambala atatu a kumbuyo kwa kadi. Pa nambala ya kadi, anayi omaliza ndi okwanira. Wina akakuimbirani foni kuti ndi wa kubanki ndipo akufuna nambala yachinsinsi kapena kanambala kamene kabwera pafoni kuti akubwezereni ndalama, dulani foniyo. Banki ikamabweza ndalama mu akaunti yanu sisowa chinsinsi chanu.

Mulembe liti? Imbani foni kubanki tsiku lomwelo kuti nkhani ilowe m'kaundula wa madandaulo, mulembe nambala imene akupatseni. Dikirani tsiku limodzi logwira ntchito, muonenso balansi kapena mutenge sitetimenti, chifukwa nthawi zina ndalama zimabwerera popanda uthenga wa pafoni. Ngati sizinabwerere, kalata ipite. Musadikire mwezi. Zithunzi za makamera zimafufutika pakapita nthawi kuti zatsopano zilowe, ndipo madandaulo odutsa pakati pa mabanki ali ndi malire a masiku; pa malamulo a kampani ya makadi ya Visa, mwachitsanzo, nkhani ya ndalama zosatuluka pa ATM iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 120.

Popereka kalata, tengani makope awiri. Imodzi asunge, inayo adindepo chidindo cha nthambi, alembe tsiku, akubwezereni. Ambiri amachita manyazi kupempha chidindo, ngati kuti akukayikira munthu amene wawalandira ndi ulemu. Pemphani ndithu. Wolandirayo akhoza kupita ku tchuthi kapena kusamutsidwa, ndipo popanda chidindo simungaonetse kuti munadandaulapo.

Pali nthawi zina pamene yankho limabwera loti kaundula akuonetsa kuti ndalama zinatuluka ndipo zinatengedwa. Musangovomera pakamwa. Lembaninso, mutchule nambala ya dandaulo, mufunse zinthu zitatu: nthawi yeniyeni ya kutapa kumene anafufuza, ngati powerenga ndalama za m'makinawo anapeza zopitirira, ndiponso ngati anaona zithunzi za kamera. Kwa mphunzitsi uja, funso loyambali lokha likhoza kuulula kuti anayang'ana 6:47 m'malo mwa 6:42. Koma ndinene mosabisa kuti pali mtundu umodzi wovuta: ngati makina anachedwa, inu n'kuchoka, ndalama n'kutuluka n'kutengedwa ndi wobwera pambuyo panu, kaundula adzaonetsa kuti zonse zinayenda bwino ndipo sipadzakhala zopitirira. Pamenepo chokuthandizani ndi kamera yokha, ndipo nkhani ikhoza kufika kupolisi. N'chifukwa chake makina akakanika musachoke mpaka atabwerera pa chithunzi choyambirira chopempha kadi.

Banki ikangoti zii kudutsa tsiku limene inalonjeza, kapena ikakana popanda kuonetsa umboni, nkhani itengereni ku Banki yaikulu ya Reserve. Malinga ndi lamulo loyendetsera ntchito za chuma la mu 2010, Gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira mabanki onse, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kubanki yanu, ndiye mupite ndi kope ya chidindo ija, nambala ya dandaulo, sitetimenti, ndi yankho la banki ngati linabwera.